Mmene Tingamalizire Chimangirizo cha Zomwe Zinatichitikira Popanda Kukakamiza Phunziro



Ndikamawerenga zimangirizo zomwe ophunzira amalemba zokhudza moyo wawo, nthawi zambiri ndimadziwiratu ndime yomaliza ndisanaifike. Imayamba ndi mawu akuti "Kuyambira tsiku limenelo ndinaphunzira kuti," kenaka pamabwera mwambi, nkhani n'kutha. Chizolowezichi chili ndi kochokera. Nthano zomwe tinkamva madzulo zinkathera pa phunziro, ndipo ulaliki wa Lachisanu umatha ndi malangizo chifukwa ntchito yake ndi imeneyo. Koma munthu akamalemba zimene zinamuchitikira amakhala ngati mboni, ndipo mboni imanena zimene inaona ndi kumva. Ikayamba kuwonjezera zina pofuna kusangalatsa omvera, umboni wake umachepa mphamvu.

Ndigwiritsa ntchito chimangirizo cha mnyamata wina wa Fomu 3, yemwe wandilola kutero popanda kutchula dzina lake. Analemba za tsiku limene anatenga njinga ya agogo ake aamuna osapempha, n'kupita nayo kukaonera mpira. Njingayo ndi imene agogowo ankanyamulira usipa kuchoka kunyanja kupita kumsika. Pobwerera anagwera m'dzenje, limu yakutsogolo n'kupindika, masipoko atatu n'kuthyoka. Anafika pakhomo akuikankha, akudikira ndodo. Agogo anaiyang'ana njingayo osanena kanthu. Atabwera ku swala ya Magharibi anaigadabuza pakhonde, n'kumupatsa mnyamatayo tochi kuti aziwaunikira, iwo akuwongola limu mpaka usiku. M'mawa sanapite kunyanja, ndipo tsiku limenelo pakhomo panalibe ndalama ya ndiwo.

Ndime yake yomaliza inali yotere: "Kuyambira tsiku limenelo ndinaphunzira kuti kutenga chinthu osapempha n'koipa. Achinyamata anzanga, tiyenera kumvera makolo chifukwa mawu a akulu akoma akagonera."

Mawuwa alibe choipa, koma pali njira zitatu zodziwira kuti anachita kumatidwa pankhaniyi. Yoyamba ndi kuwachotsa n'kuwaika pansi pa nkhani ina. Ndimeyi ingakwane bwinobwino pa nkhani ya mtsikana amene anaswa mphika kapena ya mnyamata amene anaba mango. Mathero amene angakwane pa nkhani iliyonse sanatuluke m'nkhani yanu. Yachiwiri ndi kuyang'ana amene akulankhula. M'ndime zonse zapamwamba wolembayo ankati "ndinatenga," "ndinagwa," "ndinaopa." M'ndime yomaliza mwadzidzidzi akuti "tiyenera." Wasiya kufotokoza za iye mwini, wayamba kulangiza gulu. Yachitatu ndi kufunsa ngati zolembedwazo zikugwirizana ndi zomwe zinachitika. Mwambi wake ukunena za mawu a akulu, chikhalirecho agogowo sanatulutse mawu ngakhale amodzi. Ndinamufunsanso ngati tsiku limenelo ndi pamene anadziwa kuti kutenga chinthu osapempha n'kulakwa. Anaseka, n'kunena kuti ankadziwa kale, n'chifukwa chake anadikira kuti agogo agone masana asanaitenge. Choncho chiganizo chakuti "ndinaphunzira" sichinali choona.

Kuti tikonze, ndinamuuza aphimbe ndime yomalizayo ndi dzanja n'kuwerenga mokweza mpaka pamene panathera zochitika. Kenaka ndinamufunsa funso limodzi: ukakumbukira tsikulo, chimene chimabwera m'maganizo mwako choyamba n'chiyani? Anayankha kuti ndi tochi ija. Dzanja lake linkatopa, kuwala kunkasuntha, ndipo agogo ankangogwira mkono wake n'kuubwezera pamalo ake osayang'ana nkhope yake. Ananenanso kuti mpaka lero sadziwa ngati agogowo anakwiya kapena anamukhululukira pomwepo, chifukwa sanakambiranepo za nkhaniyo. Apa ndi pamene panali nkhani yake yeniyeni, ndipo anaikwirira ndi mwambi chifukwa ankaganiza kuti aphunzitsi amafuna mwambiwo.

Atalembanso, mathero ake anali otere: "Limu ija sinawongoke bwinobwino. Mpaka pano tayala lakutsogolo limakhula pang'ono pa buleki likamazungulira, ndipo agogo akamabwera kuchokera kunyanja ndimawamva asanafike pakhomo. Sanandifunsepo za tsiku lija, inenso sindinawafunse. Ndikamva phokosolo ndimatuluka kukawatsitsa dengu."

Mathero atsopanowa alibe mawu akuti "phunziro," komabe owerenga akuona kuti mnyamatayo anasintha, chifukwa tsopano amatuluka kukalandira katundu. Akuonanso kuti china chake sichinakonzeke, pa njingapo komanso pakati pa anthu awiriwo. Ndimeyi singasamutsidwe kupita pa nkhani ya mphika kapena ya mango. Taonaninso kuti sanabweretse chinthu chachilendo. Limu, dengu ndi ulendo wa kunyanja zonse zinatchulidwa kale kumayambiriro, ndipo kubwerera kwa izo ndi kumene kumachititsa owerenga kumva kuti nkhani yatha.

Ophunzira, musamve ngati ndikuti ndime yomaliza ingodulidwa. Ena akamva malangizowa amasiyira nkhani panjira, monga pa chiganizo chakuti "Kenaka tinakagona," ndipo owerenga amatembenuza pepala kufunafuna tsamba lina. Mathero amafunika kuonetsa pamene wolemba waima tsopano poyerekeza ndi pamene anayambira. Komanso kulemba maganizo anu kumapeto sikoletsedwa. Mnyamatayu akanatha kumaliza ponena kuti akanakonda kukwapulidwa kusiyana ndi kugwira tochi ija, ndipo zikanakhala bwino, chifukwa ganizo limenelo ndi lake ndipo likuchokera m'zimene anafotokoza. Ngati china chake simunachimvetse mpaka lero, nenani choncho m'chimangirizocho m'malo mopeka yankho.

Pali nthawi imene muyenera kuchita mosiyana. Pa mayeso, kuphatikizapo a MSCE, werengani funso mosamala. Likakuuzani kuti mulembe nkhani yosonyeza tanthauzo la mwambi wina, kapena kuti mumalize ndi mawu amene mwapatsidwa, chitani zomwezo. Zikatero sankhani zochitika zimene zikufikitsanidi pa mawuwo, kuti asaoneke ngati chigamba.

Kwa inu makolo, mwana akakuwerengerani chimangirizo chopanda malangizo kumapeto, musafulumire kuganiza kuti sakusiyanitsa chabwino ndi choipa. Mufunseni kuti, "Chimene ukukumbukira kwambiri pa tsikulo n'chiyani?" Yankho lake lingakuuzeni zambiri za mtima wake kuposa mwambi umene anauloweza ku pulayimale. Mwana amene wazolowera kulemba "ndinaphunzira" pamene sanaphunzire akuzolowera kunena zimene akulu akufuna kumva, ndipo khalidwe limeneli silithera papepala.

Sabata ino aliyense atenge chimangirizo chake chakale, aphimbe ndime yomaliza, ayese njira zitatu zija, kenaka alembe mathero ena osapitirira ziganizo zinayi. Mubweretse mathero onse awiri m'kalasi, akale ndi atsopano, kuti tidzawerenge pamodzi.