Kalata yofunsira ukalaliki imveke kuti mwalemba ndinu

Ofesi ikalengeza m'nyuzipepala kuti ikufuna kalaliki mmodzi, maenvulopu amabwera mulu. Munthu wowatsegula akawerenga makalata khumi oyambirira amakhala ngati wawerenga onse, chifukwa chasiyana ndi dzina la pansi lokha. Aliyense ndi wolimbikira ntchito, aliyense ndi wokhulupirika, aliyense amagwira bwino ntchito ndi anzake, ndipo aliyense safuna kumuyang'anira ngakhale ntchito itathina. Mawu amenewa si oipa. Vuto lake ndi loti sanena chilichonse cha munthu amene wasaina pansipo, motero wowerenga alibe chogwira choti amuitanire ku intaviyu.

Makalata ofunsira ntchito za muofesi kuno ku Malawi timawalemba m'Chingerezi, ndipo mantha a Chingereziwo ndi amene amatithamangitsira ku makalata okopera. Wina amabwereka ya mnzake, wina amapita pamalo otayipitsa nkuuza mnyamata wa pakompyuta kuti asinthe dzina pa kalata imene ili kale m'makinamo. M'nkhani ino ziganizo za m'kalata ndizipereka m'Chichewa kuti tione bwino zimene zikunena.

Tiyerekeze kuti kopaletivi ya alimi yalengeza ntchito ya kalaliki. Ikufuna munthu wa satifiketi ya MSCE amene anakhoza bwino Chingerezi ndi Masamu, wodziwa kusunga mafayilo, kulemba malisiti, kulemba m'kaundula wa katundu, komanso kugwiritsa ntchito Word ndi Excel. Mtsikana wina walemba kalata yake nkupita nayo kwa azakhali ake, amene anagwirapo ntchito muofesi, kuti aione. Kalatayo ikuti:

"Ndikupempha modzichepetsa kuti mundiganizire pa ntchito imene mwalengeza m'bungwe lanu lotchuka. Ndine mtsikana wa Chimalawi wa zaka 24, woopa Mulungu, wolimbikira ntchito ndi wokhulupirika. Ndimagwira bwino ntchito ndi anzanga ndipo sindifuna kundiyang'anira. Ndikapatsidwa mwayi umenewu ndidzagwira ntchito ndi mtima wanga wonse kuti bungwe lanu lifike patali. Ndidzakhala wokondwa ngati pempho langa lilandiridwa."

Werengani kachiwiri, mufunefune mawu oti lisiti, fayilo kapena kaundula. Mulibe. Ntchito imene ikufunsidwayo sinatchulidwe dzina, ndipo kalata yomweyi ingathe kupita kukafunsira ulonda kapena uphunzitsi popanda kusinthamo kanthu. Nayi njira yachangu yoyesera kalata iliyonse: mnzanu amene munali naye kalasi imodzi angathe kusaina pansi pake osanama? Ngati angathe, ndiye kuti kalatayo sinakhale yanu.

Apa ndi pamene othandiza ambiri amalakwitsa. Amatenga cholembera nkuyamba kukometsa Chingerezi, kuchotsa mawu otha ntchito nkuikapo ena akuluakulu. Chotuluka chake ndi kalata ya azakhali, osati ya mtsikanayo. Chofunika choyamba ndi kuika pepalalo pambali ndi kucheza naye, m'Chichewa momwe, popeza m'menemo ndi mmene munthu amanena zake mosadzikongoletsa.

"Chilembereni mayeso wakhala ukutani?"

"Palibe chenicheni, azakhali. Ndimangothandiza pa shopu ya zipangizo za ulimi pamsika paja. Zaka ziwiri tsopano."

"Kuthandiza kwake kotani? Ukafika m'mawa umayamba ndi chiyani?"

"Ndimatsegula buku la sitoko, ndiwerenge matumba a feteleza ndi mbewu ngati akugwirizana ndi zimene ndinalemba dzulo. Munthu akagula ndimamulembera lisiti, kope yake imatsala m'buku. Madzulo ndimaphatikiza malisiti onse nkufananiza ndi ndalama za m'kabati ndisanapereke kwa abwana."

"Zinayamba zasiyanapo?"

"Ndalama ayi. Koma tsiku lina lole inabweretsa feteleza, pepala likuti matumba 200, ine kuwerenga ndinapeza 196. Adalaivala ankafulumira, koma ndinakana kusaina mpaka analemba papepalapo kuti anayi aperewera."

Taonani zimene zatuluka mwa munthu amene amati palibe chenicheni. Ntchito yonse imene kopaletivi ikufuna wakhala akuigwira kale, koma sanaiwerengere chifukwa inalibe dzina la udindo ndipo malipiro ake anali ochepa. Nkhani ya matumba anayi ija ikunena za kukhulupirika kwake mokwanira, mwakuti mawu oti "wokhulupirika" sakufunikanso m'kalatamo. Wowerenga adzagamula yekha, ndipo chimene munthu wagamula yekha amachikhulupirira kuposa chimene wauzidwa.

Mafunso otere amafuna kuleza mtima. Achinyamata ambiri akafunsidwa zimene amadziwa amayankha mwachidule, mwina chifukwa tinaleredwa kuti kudzitama nkosayenera. Ulemu umenewu ndi wabwino, ndipo kalata yabwino siuphwanya. Kunena kuti unawerenga matumba nkupeza kuti aperewera si kudzitama, ndi kufotokoza chimene chinachitika. Kudzitama kwenikweni kuli m'kalata yoyamba ija, imene ikudzipatsa mayina abwino popanda umboni ngakhale umodzi. Choncho musafunse kuti "uli ndi luso lanji?" Funsani za tsiku lenileni, buku lenileni, vuto limene linagwa ndi mmene linathera. Funsaninso za kunja kwa ntchito yolipidwa. Mtsikanayu, atafunsidwa, anatchula kuti ndi mlembi wa banki m'khonde ya anthu 22, ndipo ndiye amalemba masheya, ngongole ndi chiwongoladzanja mpaka tsiku logawana. Ameneyo ndi kalaliki kale.

Kenaka tengani chilengezo cha ntchito chija, muike mayankho ake pafupi ndi chofunika chilichonse. Malisiti, alipo. Kaundula wa katundu, ndi buku la sitoko lija. Nanga kompyuta? Apa mpofunika chilungamo. Mtsikanayu anaphunzira kutayipa kalata mu Word, ndipo mu Excel amatha kulowetsa manambala, kuphatikiza mzere ndi `=SUM(D2:D40)` ndi kusindikiza. Kupitirira apo sadziwa. Kalata inene zomwezo. Kulemba kuti "ndine katswiri pa kompyuta" nkudzitchera msampha, chifukwa pa ntchito za ukalaliki si zachilendo kumukhazika munthu pakompyuta tsiku la intaviyu kuti aonetse zimene analemba. Mafayilo a muofesi sanasungepo, ndiye asanamizire. Anene za mabuku a malisiti amene amawasanja mwezi ndi mwezi, popeza nzeru yake ndi yomweyo.

Tsopano alembe yekha, azakhali akhale chete. Kalata yatsopano inatuluka motere:

"Ndikufunsira ntchito ya kalaliki imene munalengeza m'nyuzipepala. Ndili ndi satifiketi ya MSCE ndipo ndinakhoza bwino Chingerezi ndi Masamu.

"Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikugwira ntchito m'shopu yogulitsa feteleza ndi mbewu. Ndimalemba malisiti, ndimasunga buku la sitoko, ndipo madzulo aliwonse ndimafananiza malisiti ndi ndalama ndisanatseke. Katundu akafika ndimawerenga ndisanasaine. Tsiku lina ndinapeza kuti pa matumba 200 a feteleza anayi aperewera, ndipo ndinaonetsetsa kuti zalembedwa lole isanachoke. Ndinenso mlembi wa banki m'khonde ya anthu 22, kumene ndimalemba masheya ndi ngongole.

"Ndimatha kutayipa makalata mu Word ndi kulowetsa ndi kuphatikiza manambala mu Excel. Alimi amene kopaletivi yanu imawatumikira ndi anthu amene ndimawagulitsa katundu tsiku ndi tsiku, ndipo ndikufuna kugwira ntchito yomweyi pamalo pamene pali mabuku ambiri ndi zambiri zoti ndiphunzire. Ndaphatikiza makope a masatifiketi anga. Ndingabwere ku intaviyu tsiku lililonse limene munganditchulire."

Zaka 24 zija zapita ku pepala la mbiri ya maphunziro ndi ntchito, kumene ndi kwawo, pokhapokha ngati chilengezo chatchula malire a zaka. Kuopa Mulungu kwachoka, osati chifukwa nkosafunika, koma chifukwa sikusiyanitsa wofunsira mmodzi ndi mnzake. Ngati olemba ntchito ndi a mpingo ndipo apempha kalata ya abusa kapena ansembe, imeneyo ndiyo inene. "Bungwe lanu lotchuka" lalowedwa m'malo ndi chiganizo chosonyeza kuti akudziwa amene kopaletivi imagwira nawo ntchito. Kupempha modzichepetsa kwachokanso. Ena amafika polemba kuti ndi amasiye kapena kuti akusamala abale awo ang'onoang'ono. Zingakhale zoona ndithu, koma ofesi ikufuna munthu woti aisungire mabuku, ndipo kalata yodandaula imabisa luso limene mwini wake ali nalo.

Pali zina zimene siziyenera kusinthidwa pofuna kumveka ngati mwini wake. Adiresi yanu ndi nambala ya foni, deti, adiresi ya olemba ntchito monga ilili m'chilengezo, mutu wotchula dzina la ntchito ndi nambala yake ngati yaperekedwa, malonje ndi mawu otsekera, zonsezi zili ndi kalembedwe kake kodziwika ndipo zitsatidwe momwemo. Kalaliki amalembedwa ntchito kuti azitsata dongosolo, choncho kalata yake ndi mayeso oyamba. Dzina la bungwe lolembedwa molakwika, kapena dzina la kampani ina limene linatsalira kuchokera m'kalata yokopera, lingagwetse munthu ngakhale ndime zapakati zili bwino. Ngati chilengezo chati kalata ikhale yolemba pamanja, lembani pamanja. Tsamba limodzi lakwana.

Ntchito ya azakhali imabweranso pomaliza, ndipo ndi yochepa: kukonza masipelo, nthawi za aneni ndi ziganizo zothyoka. Asalowetsemo liwu limene mtsikanayo sangalitchule pakamwa pake. Njira yodziwira ndi kumuuza kuti awerenge kalata yonse mokweza. Pamene wapunthwa kapena wayamba kuwerenga ngati akuloweza, pamenepo pali chiganizo cha munthu wina, afunsidwe kuti "ukufuna kunena chiyani apa?" ndipo yankho lakelo ndilo lilembedwe. Kenaka azakhali atenge kalatayo, amufunse funso limodzi pa chiganizo chilichonse monga angachitire a pa intaviyu. Buku la sitoko lili ndi mizere yanji? Ndalama zikapanda kugwirizana ndi malisiti umayambira pati kufufuza? Akayankha mosavuta, chiganizocho chikhale. Akayamba kuyang'ana kudenga, chichotsedwe.

Chingerezi cha kalata yotere chimakhala chosavuta, cha ziganizo zifupizifupi, ndipo ena adzaona ngati chachepa ulemerero. Ine ndikuti chisiyeni chomwecho. Olemba ntchito akaitana mwini kalata amayembekeza kukumana ndi munthu amene anamumva papepala, ndipo kusiyana kukakhala kwakukulu amayamba kukayikira ngakhale zoona zimene zinali m'kalatamo. Ngati muli ndi kalata imene mwakhala mukuitumiza kulikonse osaitanidwa, musaitumizenso sabata ino. Pezani munthu woti akufunseni zimene mumachita kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo mulembe zimene mwamuyankhazo.