Mayi, "ndafa ine" si uthenga wa maliro

Okondedwa Mayi,

Ndalandira zithunzi zinayi zija munajambula pa gulu la WhatsApp la ana a Fomu 3, pamodzi ndi funso lanu lakuti kodi mwana wanu walowa m'gulu la zotani. Ndasankha kukuyankhani pa kalata kuti muwerenge modekha, zithunzizo zili pambali. Ndinene msanga kuti mizere yonse imene munazunguliza ndi cholembera chofiira sinandidetse nkhawa. Mzere umene wandisowetsa tulo uli pa chithunzi chachinayi, ndipo inu munaudumpha.

Tiyambe ndi umene unakuimitsani mutu. Mwana wanu analemba kuti "Aise ndafa ine kkkkkk", n'kuikapo kachithunzi ka chigaza cha munthu wakufa. Mnzake anayankha kuti "A Bayo atipha lero". Mayi, apa palibe maliro. Ma k ondondozanawo ndi phwete la kuseka, ndipo akachuluka ndiye kuti nthabwalayo yafika pamtima. Kachigazako kakunenanso zomwezo: ndaseka mpaka mpweya kutha. Ana ambiri masiku ano amaona ngati kankhope koseka kotuluka misozi kaja n'ka ife akuluakulu, choncho iwo anasamukira ku chigaza. "A Bayo" ndi mphunzitsi wa Bayoloje, ndipo kuwapha kwake n'kwakuti tsiku limenelo anawapatsa mayeso osawachenjeza. Ifenso tikamachoka kumunda timati "dzuwa latipha", koma palibe amene amakagula bokosi.

Mawu enawo ndi oti mungowazolowera. "Masteni" ndinu amene, "madala" ndi bambo ake, ndipo ngakhale akumveka mwachipongwe m'khutu la kholo, mwana akamanena sakhala akunyoza. "Deni" ndi kunyumba, "geri" ndi sukulu, "kuvaya" ndi kupita. Ndiye "ndavaya ku deni masteni akundifuna" ndi mwana womvera amene wasiya macheza chifukwa mayi ake amuitana. "Dolo" ndi katswiri, "mbola" ndi chinthu chachabechabe kapena chachinyengo, "zaziii" ndi zosakoma. Mukaona "xap" muwerenge kuti shapu, "xool" muwerenge kuti sukulu, "bwnj" ndi bwanji. Kudula mawu kotereku kunayamba kale, nthawi imene uthenga umodzi wa pa foni unkalola zilembo 160 zokha ndipo ukapyola pamenepo unkalipira wachiwiri. Malirewo pa WhatsApp kulibe, koma chizolowezi chinatsala.

Chilankhulo chimenechi si cha ana anu okha. Chimamveka pa depoti, m'minibasi, m'nyimbo za achinyamata ndi m'makoleji, ndipo akatswiri ena a zilankhulo amachitcha Chibrazi. Chimatola mawu ku Chingerezi, ku zilankhulo za ku Joni ndi kwina, n'kuwaveka malaya a Chichewa. Ine pa ntchito yanga chimandivuta pamalo amodzi basi, pamene mwana wandilembera "xool" m'chimangirizo. Pamenepo ndimadula malikisi osaphethira.

Tsopano "ngini". Munalemba kuti mukuganiza kuti ndi chamba, chifukwa mtsikana wina anauza mwana wanu kuti "Ngini ija usaiwale mawa". Vuto la mawu amenewa n'lakuti alibe tanthauzo lawolawo. Ngini ndi chinthu chilichonse chimene wolankhula wachita ulesi kuchitchula kapena sakufuna kuchitchula: tchaja, kope, ndalama, chibwenzi, inde ngakhale chamba. Kuti mudziwe, musayang'ane liwulo, yang'anani zimene zalizungulira. Ine ndimadzifunsa zinthu zochepa. Kodi chinthucho chinatchulidwapo dzina lake m'mwambamo? Kodi chili ndi mtengo? Kodi akupangana kokapatsirana kobisika? Nanga ena pagulupo akuyankha momasuka, kapena wina wathamangira kunena kuti zimenezo zisakambidwe pano?

Pa chithunzi chanu chachiwiri, mizere isanu pamwamba pa ngini ija, mtsikana yemweyo anadandaula kuti kalikuleta yake yatha batire ndipo mawa lake kuli Masamu. Mwana wanu anati ali ndi ina ya achimwene ake. Nginiyo ndi imeneyo. Palibe mtengo, palibe malo obisika, ndipo nkhaniyo yakambidwa pamaso pa kalasi yonse. Zikanakhala kuti analemba kuti "Ngini ija ndi 2 pin, tipezane kuseri kwa ground, fufuta ukawerenga", bwenzi ndikukuuzani kuti mubwere kusukulu mawa lomwe. Liwu ndi lomwelo, koma pamenepo pakanakhala ndalama zokwana K2,000, malo obisika ndi lamulo lofufuta.

Alipo mawu ena amene sanaoneke pa zithunzi zanu koma ndikufuna muwadziwe, chifukwa amenewa ndiye amatifikitsa ku ofesi ya ahedi. "Bawa" ndi mowa, ndipo "kuyaka" ndi kuledzera. Mwana akalemba kamodzi kuti amalume ake anayaka pa ukwati, akungosimba nkhani. Akalemba Lachisanu kuti "lero tiyaka", mufunse kumene akupita. "Kandege" ndi juga ya pa foni ija yotchedwa Aviator, imene kandege kamakwera ndipo wobetcha amayenera kutulutsa ndalama yake kasanathawe. Juga ndi yoletsedwa kwa ana osakwana zaka 18, koma ena amalowa pa nambala ya mkulu wawo. Chizindikiro chake nthawi zambiri sichikhala m'macheza, chimakhala mu Airtel Money kapena Mpamba yanu, mukayamba kuona tindalama ting'onoting'ono tikutuluka usiku inu musanatume munthu. Ndiye pali "likasa", mayeso obedwa. Mukukumbukira kuti mu 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa ali mkati chifukwa mapepala anabedwa n'kufalikira pa mafoni, ndipo ana onse, olakwa ndi osalakwa omwe, analembanso chaka chotsatira. Nyengo ya mayeso ikayandikira, m'magulu a ana mumalowa anthu olonjeza likasa pa mtengo wakutiwakuti. Ambiri ndi akuba chabe ogulitsa mapepala akale, koma mwana wopezeka ndi zoterezi akhoza kulandidwa mwayi wa mayeso ndi a MANEB.

Tibwere pa chithunzi chachinayi. Pakati pa nthabwala za mpira pali nambala imene pafoni ya mwana wanu ilibe dzina. Yalemba kuti: "Waoneka bho pa dp. Tiye ku inbox." Mwana wanu sanayankhe. Patapita mphindi zingapo nambala yomweyo yalembanso: "Ndikuponyere ya bundle? Koma masteni asadziwe." Pansi pake pakuoneka mawu akuti "This message was deleted", kutanthauza kuti analemba chinanso n'kuchifufuta.

Simunazungulize mizere imeneyi, ndikuganiza chifukwa ndi yomveka bwino ndipo ilibe chigaza. Koma taonani zimene zilimo. "Dp" ndi chithunzi chimene mwana waika pa nambala yake, ndiye munthuyu wayamba ndi kuyamikira maonekedwe. "Inbox" ndi macheza a awiri, ndiye akufuna kumuchotsa pamene anzake akuona. Kenako walonjeza mphatso yaing'ono, ndalama ya bandulo, yoti mwana sangaione ngati yoopsa. Pomaliza wapempha chinsinsi, ndipo watchula inuyo. Kuyamikira, kupatula, mphatso, chinsinsi: anthu akuluakulu onyengerera ana amayenda m'njira imeneyi, ndipo chotsatira chake kawirikawiri chimakhala kupempha chithunzi. Amayamba ndi cha nkhope. Akafika pa zithunzi zosayenera amamulimbitsa mtima mwana kuti atumize pa "View once", njira imene chithunzi chimatseguka kamodzi kokha n'kuzimiririka. Ana amakhulupirira kuti chikatero chapita. Sichinapite, chifukwa munthu akhoza kuchijambula ndi foni ina, monga momwe inu munajambulira zithunzi mwanditumizirazi. Akachigwira, mawu okoma aja amasanduka oopseza: tumiza china, apo ayi ndichiponya pa gulu.

Sindikunena kuti zafika pamenepo. Mwina ndi mnyamata wa kalasi ina amene akuyesa mwayi mopusa, ndipo ngakhale zitatero tiyenera kumukhazika pansi. Koma nambalayo ndaifananiza ndi mndandanda wa ana ndi makolo a kalasi langa, ndipo palibepo. Magulu a ana amalowedwa mosavuta: woyang'anira gulu, amene iwo amati adimini, amatumiza linki yoitanira anzake, linkiyo imayenda kuchoka pa foni ina kupita pa ina, ndipo aliyense woigwira akhoza kulowa ngati adiminiyo sanatchere zoti azivomereza yekha olowa. Gululi si la sukulu, analitsegula okha anawo. Ndalankhula kale ndi mnyamata amene ndi adimini kuti achotse nambala zonse zimene sakuzidziwa, asinthe linki, ndipo atsegule zovomereza olowa.

Kwa inu ndikupempha izi. Musamulande foni lero, ndipo musayambe ndi kukalipa. Mwana wanu pa zimene taonazi sanalakwe, anangokhala chete, ndipo mwana akaona kuti kuulula kumalanditsa foni, ulendo wina saulula. Mukhale naye pansi, mumuuze poyera kuti munaona macheza a pa gulu, ndipo mumufunse ngati nambala ija inamulemberapo payekha. Mutsegule limodzi, osaiwala kuyang'ana pa "Archived", pamene macheza obisidwa amakhala. Ngati pa macheza a munthuyo pali kachizindikiro ka wotchi, ndiye kuti anatchera kuti mauthenga azifufutika okha pakatha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90, ndipo mufunse kuti anatchera ndani. Muonenso ngati analandirapo bandulo kapena ndalama kuchokera ku nambala yachilendo.

Mukapeza kanthu, musafufute ndipo musamuimbire munthuyo kuti mumutukwane, chifukwa akatero amataya simu n'kusowa. Jambulani mauthengawo nambala ndi tsiku zikuoneka, kenako mumutseke kuti asathenso kulemba. Chithunzi chosayenera cha mwana, ngati chilipo, musachitumize kwa wina aliyense, ngakhale kwa ine. Malamulo a dziko lino, kuyambira pamene anasinthidwa mu 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo lamulo la 2016 loona za pa intaneti limaletsa zithunzi zolaula za ana komanso kuzunza munthu kudzera pa foni. Foniyo mupite nayo momwe ilili ku polisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa, kapena muyambe mwaimba 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Mwinanso mudzapeza kuti ku inbox kulibe kalikonse, munthuyo anaona kuti sakuyankhidwa n'kupita. Zikatero mumuyamikire mwanayo, ndipo musinthe naye limodzi pa "Privacy" kuti chithunzi chake chizioneka kwa okhawo amene iye anasunga nambala zawo, komanso kuti asamalowetsedwe m'magulu ndi anthu osawadziwa.

Lachitatu ndimaweruka msanga. Ngati mungathe, mubwere cha m'ma 2 koloko pamodzi ndi bambo ake, ndipo mundiuze zimene mwapeza kuti tione ngati nkhaniyi ikufunika kufika kwa ahedi ndi makolo ena a kalasili.

Ndine,
Mphunzitsi wa kalasi la Fomu 3