Thumba la Malaya Lisamaonekere Patali

Malaya a nsalu yamabokosi amaulula msanga luso la telala. Yang'anani pathumba: ngati mizere yake yaphonyana ndi ya pachifuwa, ntchitoyo inalakwika podula, makina asanalire n'komwe.

Tiyerekeze kuti bokosi lililonse ndi lalitali masentimita 4. Telala wosamala amayamba wadula mbali yakutsogolo, n'kulembapo ndi choko pamene thumba lidzakhale. Kenaka amaika pepala la thumba pamalopo n'kujambulapo mizere ya nsalu imene ikudutsa m'mphepete mwake. Pepalalo amaliyendetsa pansalu yotsala mpaka mizere igwirizane, yoimirira ndi yopingasa yomwe, ndipo apo m'pamene amadula. Ambiri amapunthwa apa: amayanjanitsa mizere m'mphepete modulidwa, kuiwala kuti sentimita imodzi ndi theka ipindidwira mkati. Mizere iyenera kukumana pamene ulusi udzadutse.

Kudula nsalu yopinda pawiri n'kwachangu, koma yapansi imaterereka osaoneka. Ine ndimati yalani nsalu osapinda, dulani mbali imodzi, muitembenuze n'kuigoneka pansalu mpaka mabokosi akhalirane, kenaka dulani inzake.

Chitenje cha maluwa akuluakulu chimadya nsalu koposa. Ngati duwa likubwereza pa masentimita 60 alionse, kuti theka lake likumane ndi linzake pamsoko wakumsana mungataye nsalu yochuluka chomwecho. Choncho telala akakuuzani kuti mamita awiri sakwana, musafulumire kumuyesa wakuba. Onjezerani nsalu.