Chiganizo chosonyeza malo a malonda pamsika

Chiganizo chosonyeza malo a malonda pamsika ndi mawu ochepa amene kampani imalemba pofotokoza anthu amene ikuwagulitsa katundu wake, vuto limene katunduyo amathetsa, komanso chifukwa chake wogula asankhe iyoyo m'malo mwa opikisana nayo. Mawuwa si olengeza pa wayilesi kapena kumata pa chikwangwani. Amalembedwa kuti eni kampani ndi antchito awo azigwirizana chimodzi posankha mtengo, zoti awonjezere pa katundu, ndi makasitomala oti awasiye. Nkhaniyi ikufotokoza kalembedwe kake potengera kampani yaing'ono ya mapulogalamu a pakompyuta mumzinda wa Zomba imene ikulimbana ndi makampani akuluakulu akunja.

Chiyambi chake

Ganizoli linatchuka ndi anthu awiri a ku America, Al Ries ndi Jack Trout, amene analemba buku pa nkhaniyi mu 1981. Iwo ankati mpikisano weniweni umachitikira m'maganizo mwa wogula, ndipo wamalonda wamng'ono sangalande malo amene wamkulu anakhazikikapo kale, choncho afune malo ena opanda mwini. Mu 1991, Geoffrey Moore anakonza ndondomeko imene makampani ambiri a zamakompyuta amatsata mpaka lero. Ndondomekoyi imafuna kuti wolemba atchule wogula, chosowa chake, mtundu wa katundu, phindu lalikulu limodzi, wopikisana naye, ndi kusiyana kwake ndi wopikisanayo.

Chitsanzo chenicheni cha ku Malawi

Bungwe la Baobab Health, limene linayamba ntchito yake pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe cha m'ma 2001 motsogozedwa ndi Gerry Douglas, linapanga pulogalamu yosunga mbiri ya odwala. Mapulogalamu otere analipo kale m'mayiko olemera, koma ankafuna magetsi osazima ndi anthu odziwa kutayipa. A Baobab anagwiritsa ntchito makompyuta ongodina ndi chala pagalasi, osadya magetsi ambiri, oyendera mabatire magetsi akathima, ndipo ankasindikiza timapepala tomata m'buku la kuchipatala limene wodwala amayenda nalo. Pambuyo pake pulogalamuyi inafika m'zipatala zambiri zopereka mankhwala otalikitsa moyo. Sinapose yakunja pa kuchuluka kwa zimene ingachite. Inaposa pa kugwirizana ndi mmene chipatala cha ku Malawi chimagwirira ntchito. Kusiyana kwa mtundu umenewu ndi kumene chiganizo chabwino chimafunafuna.

Kulemba chiganizocho ku Zomba

Tiyerekeze kuti achinyamata atatu amene anamaliza maphunziro pa Yunivesite ya Malawi ku Zomba apanga pulogalamu yowerengera fizi m'sukulu zoyima pazokha. Kawirikawiri chiganizo choyamba chimene anthu otere amalemba chimakhala chonga ichi: "Ndife kampani ya Amalawi yopanga mapulogalamu amakono, otchipa ndi odalirika a mabizinesi onse."

Chiganizochi n'chofooka pa zifukwa zitatu. "Mabizinesi onse" sakuloza munthu aliyense, pakuti mwini malo ogona alendo pamwamba pa phiri la Zomba ndi msungichuma wa sukulu ku Chinamwali alibe vuto lofanana. Mawu akuti "amakono" ndi "odalirika" kampani iliyonse ingawanene, ndipo yakunja ingawanene mokhulupirika kuposa achinyamata atatu. Kunena kuti ndi Amalawi kungakome m'makutu, koma mphunzitsi wamkulu amene ndalama za sukulu zikusowa sagula pulogalamu chifukwa chokonda dziko.

Choyamba kukonza ndi wogula. Apa wogula ndi mwini kapena msungichuma wa sukulu ya ana mazana angapo, kumene makolo amalipira fizi pang'onopang'ono pa teremu: wina pa Airtel Money, wina pa TNM Mpamba, wina abweretsa kapepala ka ku banki, wina ndalama pamanja. Vuto lake si kuwerengera chuma chonse cha sukulu. Vuto ndi kudziwa, m'mawa wa tsiku lililonse, mwana amene walipira ndi ndalama zimene zatsala.

Chachiwiri ndi wopikisana naye, ndipo ambiri amalakwa pamenepa. Dzina lalikulu ndi la mapulogalamu monga QuickBooks ndi Sage, koma m'sukulu zazing'ono zambiri ntchitoyi imagwiridwa ndi kope lalikulu kapena Excel. Wolemba ayenera kufunsa wogula zimene angachite pulogalamu yatsopanoyo itapanda kukhalapo. Yankho lake ndiye mdani weniweni, ngakhale atakhala kope la ku gulosale.

Chachitatu ndi kusiyana, ndipo kusiyanako kukhale kochokera m'kapangidwe ka kampani yaikuluyo, kumene singakusinthe msanga. Kutchipa kokha sikukwanira, chifukwa wamkulu angatsitse mtengo kwa chaka chathunthu osamva kuwawa. Mtengo wa mu kwacha ndi nkhani ina. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu, dola imodzi n'kuchoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa pafupifupi K1,700. Sukulu imene inkalipira, mwachitsanzo, madola 30 pamwezi inaona bilu yake ikukwera kuchoka pa K35,400 kufika pa K51,000 popanda chatsopano chimene yalandira, pamene fizi inali italengezedwa kale kwa makolo. Kampani yakunja imene imalipiritsa mu madola siyamba kulandira makwacha chifukwa cha sukulu zochepa za ku Zomba. Chimodzimodzi pulogalamu yodalira intaneti nthawi zonse imayima netiweki ikadula, ndipo kampani yakunja situmiza munthu pa njinga yamoto kukaona kompyuta imene yakana kuyaka.

Zikaphatikizidwa, chiganizocho chingakhale chotere: "Kwa asungichuma a sukulu zoyima pazokha za mu Zomba, amene makolo amawalipira pang'onopang'ono m'njira zosiyanasiyana, iyi ndi pulogalamu yolondola fizi imene imaonetsa ngongole ya mwana aliyense nthawi yomweyo. Mosiyana ndi mapulogalamu akunja olipira mu madola, imagwira ntchito popanda intaneti, mtengo wake ndi wa mu kwacha pa teremu, ndipo ikavuta munthu amafika pa sukulu tsiku lomwelo."

Chiganizochi chasiya zambiri dala. Sichikulonjeza kuwerengera malipiro a aphunzitsi kapena misonkho ya ku MRA, ndipo sukulu yaikulu yofuna zimenezo ingachite bwino kugula yakunja.

Kuyesa ngati chili bwino

Njira yachidule ndi kuchotsa dzina la kampani n'kuikapo la wopikisana naye. Chiganizo chikakhalabe choona, ndiye kuti sichinanene kanthu. Njira ina ndi kuwerengera asungichuma angapo chiganizocho, kenako n'kuwapempha tsiku lotsatira kuti afotokoze m'mawu awo zimene pulogalamuyo imachita. Akayankha kuti "ndi zamakompyuta", phindu lalikulu silinamveke.

Lonjezo lililonse liyeneranso kukhala ndi umboni wooneka. Kugwira ntchito popanda intaneti kumasonyezedwa pozimitsa intaneti pamaso pa wogula n'kutulutsa risiti. Lonjezo lofika tsiku lomwelo ndi limene limaika malire a msika: anthu atatu angalikwanitse mumzinda wa Zomba, ku Domasi ndi ku Thondwe, koma akalandira sukulu ya ku Mzuzu lonjezolo lasanduka bodza. Zikatero ayenera kukana kasitomalayo, kulemba ntchito munthu kumeneko, kapena kulembanso chiganizocho.