Sipika ya Wi-Fi ndi ya Bluetooth: Nyimbo Imodzi M'zipinda Zonse

Masipika opanda mawaya ogwiritsa ntchito pakhomo alipo a mitundu iwiri ikuluikulu, a Bluetooth ndi a Wi-Fi. Pamaso amafanana, koma amasiyana pa njira imene nyimbo imadzera kuti ifike mu sipika.

Pa Bluetooth, foni ndiyo imasenza ntchito yonse. Imatenga nyimbo, n'kuipanikiza kuti ichepe, kenako n'kuitumiza yokha ku sipika. N'chifukwa chake mwini foni akatuluka nayo panja mawu amayamba kudukaduka, popeza zipangizo zambiri zimamvana bwino pa mtunda wa mamita pafupifupi 10 okha, ndipo khoma la njerwa limachepetsanso mtundawo. Munthu akaimba foni nyimbo imaima, uthenga ukalowa kulira kwake kumamvekera mu sipika momwemo. Ubwino wake ndi woti siifuna rauta kapena intaneti. Nyimbo zosungidwa m'foni zimalira ndithu, ndipo poti masipika ambiri otere ali ndi batire, magetsi akazima chisangalalo chimapitirira.

Sipika ya Wi-Fi imalumikizidwa ku rauta ya m'nyumba monga imachitira kompyuta. Pogwiritsa ntchito Spotify Connect kapena Google Cast, foni imangouza sipika nyimbo yoti iimbe, sipikayo n'kukaitenga yokha pa intaneti. Foni imasanduka limoti chabe, moti mwini wake atha kuyankhulapo kapena kuchoka nayo nyimbo ili kulirabe. Njira ya Wi-Fi ndi yotakatanso. Imanyamula mawu ofanana ndi a pa sidi, omwe ndi makilobiti 1,411 pa sekondi, pamene kapanikizidwe ka SBC kamene Bluetooth imagwiritsa ntchito kwambiri kamathera cha pa makilobiti 328. Komabe pa kasipika kakang'ono ka kukhitchini kusiyanaku khutu silingakumve kwenikweni. Phindu lenileni la Wi-Fi lili pa kuimba m'zipinda zingapo nthawi imodzi.

Vuto la zipinda zingapo ndi nthawi. Sipika ya pabalaza ikatsogola pang'ono chabe, munthu woima pakhomo la khitchini amamva mawu obwereza ngati ali m'holo yopanda anthu. Pofuna kupewa zimenezi, sipika iliyonse imayamba yasunga kachigawo ka nyimbo, kenako onse amagwirizana pa wotchi imodzi n'kuyambira limodzi. Kampani ya Sonos ya ku America inatchuka ndi luso limeneli kuyambira mu 2005, ndipo Apple inabweretsa AirPlay 2 mu 2018. Masipika a Bluetooth ena amalumikizana okhaokha, monga a JBL okhala ndi PartyBoost, koma onse amaimba chinthu chimodzi ndipo ayenera kuyandikana.

Nyumba yofuna masipika atatu, pabalaza, kukhitchini ndi kuchipinda chogona, iyenera kuyamba ndi kusankha njira imodzi imene onse atatu amaimva. Chizindikiro chake chimalembedwa pa katoni. Sipika yomva AirPlay 2 yokha singalowe m'gulu la Google Cast, ndipo apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Akagulidwa, foni ilumikizidwe ku Wi-Fi ya m'nyumbamo, pulogalamu ya kampani ya masipikawo iikidwe, sipika yoyamba iyatsidwe. Pulogalamuyo ikaipeza imapempha pasiwedi ya Wi-Fi ndi dzina la chipinda. Dzinalo likhale la malo enieni, monga Pabalaza, chifukwa ndi limene lizioneka posankha. Enawo awonjezedwe imodziimodzi, kenako onse aikidwe m'gulu. Voliyumu imatheka kusintha pa gulu lonse kapena chipinda chimodzi, ndipo chipinda chogona chitha kuchotsedwa m'gulu mwana akagona.

Sipika ikakana kuoneka m'pulogalamu, kawirikawiri foni ndi sipika zili pa manetiweki osiyana. Mwina foni ikugwiritsa ntchito data yake, kapena ili pa netiweki ya alendo, yomwe imaletsa zipangizo kuonana. Masipika ena amamva 2.4 GHz yokha, choncho rauta ikamaulutsa 5 GHz yokha saiona n'komwe. Ngati chipinda chimodzi chokha ndicho chimadukiza nyimbo, vuto ndi mtunda kapena makoma. Rauta isunthidwe pakati pa nyumba, kapena sipikayo ilumikizidwe ndi kebulo ngati ili ndi polowetsa.

Bandulo nayo iwerengedwe. Nyimbo ya makilobiti 320 pa sekondi imadya mamegabayiti pafupifupi 144 pa ola, ndipo zipinda zitatu zikamaimba nyimbo zosiyana chiwerengerocho chimachulukitsidwa katatu. Kumene magetsi amazimazima, rauta imafuna batire yakeyake, apo ayi ngakhale sipika ya Wi-Fi yokhala ndi batire imangoti zii. Masipika omva zonse ziwiri, monga Sonos Roam, amatha kusinthidwira ku Bluetooth nthawi yoteroyo.