Nkhope Yobwereka Isanjenjemere: Ntchito Yobisika m'Mavidiyo Osinthidwa Nkhope

M'chaka cha 2021, anthu ambiri pa TikTok adaona Tom Cruise akusewera gofu ndiponso akuchita zamatsenga ndi kandalama kachitsulo. Tom Cruise weniweniyo sadajambulidwe nawo. Thupi ndi mawu zidali za Miles Fisher, katswiri womutsanzira, ndipo nkhopeyo adaiika ndi Chris Ume wa ku Belgium, pogwiritsa ntchito pulogalamu ya DeepFaceLab. Ume adaphunzitsa kompyuta nkhope ya Cruise kwa miyezi pafupifupi iwiri, komabe ntchito siidathere pamenepo. Vidiyo iliyonse ankaiunikanso chithunzi ndi chithunzi, n'kumakonza pamanja pomwe nkhope idasokonekera.

Chimene chimadya nthawi chotero ndi chakuti vidiyo ndi mndandanda wa zithunzi zoima zimene zimadutsa mofulumira. Kanema wa mu sinema amakhala ndi zithunzi 24 pa sekondi iliyonse, ndipo wailesi zakanema zambiri zimaonetsa 25. Kavidiyo ka masekondi 10 kali ndi zithunzi 250. Mapulogalamu ambiri osintha nkhope amatenga chithunzi chimodzi, n'kuchikonza, n'kupita pa china osakumbukira chimene achita pa choyambacho. Chithunzi chilichonse pachokha chikhoza kukhala chokongola ndithu. Koma ngati mphuno yakhala pano m'chithunzi china, n'kusendera pang'ono m'chotsatira, kenako n'kubwerera, woonera amaona nkhope ikunjenjemera pamutu umene uli phee. Ndipo maso a munthu, amene azolowera kuwerenga nkhope kuyambira pamsana pa mayi, saphonya zoterezi.

Gwero lalikulu la vutoli lili pa sitepe yoyamba, nkhope yatsopano isanapangidwe n'komwe. Pulogalamu imayamba yafufuza pamene pali nkhope m'chithunzi n'kuizinga ndi kabokosi. M'kabokosimo imaika timadontho, kawirikawiri 68, potsata chibwano, nsidze, maso, mphuno ndi milomo. Timadontho timeneti ndi timene timauza kompyuta mmene idule nkhopeyo, mmene iiwongolere, ndi pamene ibwezeretse yatsopanoyo ikatha kupangidwa. Tsoka lake, timadonthoti sitigwera pamalo amodzimodzi kawiri. Ngakhale munthu atakhala osagwedezeka, kusintha pang'ono kwa kuwala kapena timaanga ta kamera timasuntha kadontho ndi pikiselo imodzi kapena ziwiri. Pikiselo ndi kachidutswa kakang'onong'ono kamtundu kamene, kakaphatikizana ndi tinzake, timapanga chithunzi.

Mavidiyo oyamba a mtunduwu, amene adatchuka chakumapeto kwa 2017, adali ndi nkhope zazing'ono zosaoneka bwino, choncho kunjenjemerako kunkabisala m'chimbuuzi. Vuto lidaonekera poyera pamene opanga mafilimu adafuna nkhope zodzaza chinsalu chachikulu. Kuphonya kwa pikiselo imodzi pa nkhope ya mapikiselo 128 m'lifupi kumasanduka mapikiselo 8 nkhopeyo ikakula kufika 1024.

Mu 2020, akatswiri a Disney Research ndi a yunivesite ya ETH ku Zurich, m'dziko la Switzerland, adafalitsa njira yosinthira nkhope pa mapikiselo 1024 mbali zonse, ndipo adayenera kulimbana ndi kunjenjemeraku. Mankhwala awo adali osavuta kumva. M'malo mofunsa pulogalamu kamodzi kuti timadontho tili pati, adaifunsa ka 9 pa chithunzi chomwecho, ulendo uliwonse atasuntha kabokosi kaja pang'ono, ndi magawo 5 pa 100 alionse a mulifupi mwake. Tiyerekeze kuti kabokosi ndi ka mapikiselo 400. Ndiye kuti kasunthidwa ndi mapikiselo 20, ulendo wina kumanja, wina kumanzere, wina m'mwamba, wina pansi. Mayankho 9 amatuluka osiyana pang'ono: lina likuti nsonga ya mphuno ili pa 201, lina 198, lina 202. Akaphatikiza onse n'kugawa ndi 9, zophonya za mbali iyi zimafafanizana ndi za mbali inayo, ndipo kadontho kamakhazikika pafupi ndi malo ake enieni. Mtengo wake ndi nthawi, popeza sitepe imeneyi yachitika ka 9, koma kwa wopanga filimu zimenezo n'zopepuka.

Pali njira ina imene ambiri amathamangira, yotenga malo a kadontho m'zithunzi zingapo zotsatizana n'kupeza pakatikati pake. Imathandiza, koma ili ndi msampha. Wina akaphatikiza chithunzi chatsopano ndi zina 4 za m'mbuyo, yankho limatsalira ndi zithunzi ziwiri. Mutu ukakhala chete, palibe chovuta. Koma munthu akacheuka mwadzidzidzi, mutu n'kumayenda mapikiselo 10 pa chithunzi chilichonse, nkhope yobwerekayo imatsalira ndi mapikiselo 20. Imaoneka ikutsetsereka pamutu ngati chigoba chomangidwa ndi chingwe cholephuka, ndipo zimenezi n'zoipa kuposa kunjenjemera kuja. N'chifukwa chake akatswiri amagwiritsa ntchito sefa yochenjera monga ya 1€ Filter, imene Géry Casiez ndi anzake adafalitsa mu 2012. Sefayi imasalaza kwambiri mutu ukamayenda pang'onopang'ono, n'kuleka kusalaza ukathamanga, pakuti pa liwiro diso siliona kunjenjemera koma limaona kutsalira. Amene akukonza vidiyo yojambulidwa kale ali ndi mwayi wina: akhoza kuyang'ana zithunzi za m'mbuyo ndi za kutsogolo zomwe, kutsalirako n'kutha. Amene akusintha nkhope pompopompo, munthu akulankhula, alibe zithunzi za kutsogolo zoti ayang'ane.

Timadontho tikakhazikika, pamatsala mtundu wa khungu ndi malire. Pulogalamu imafananiza khungu latsopano ndi kuwala kwa m'chithunzi chilichonse payokhapayokha, choncho galimoto ikadutsa n'kuwalitsa tsaya limodzi, nkhope yonse ikhoza kufiira ndi kuyezuka mosinthana, khosi ndi makutu zili chimodzimodzi. Pokonza, amawerengera mtunduwo pa chigawo chonse cha vidiyo ndi kuulola kusintha mwapang'onopang'ono.

Malire ndiwo mzere umene nkhope yatsopano imathera, yakale n'kuyambira. Apa ndi pamene dzanja, kapu ya tiyi, magalasi kapena tsitsi logwera pamphumi zimavutitsa. Kompyuta ikalephera kuzindikira kuti chala chili kutsogolo kwa nkhope, imapaka mlomo pamwamba pa chalacho kwa zithunzi ziwiri kapena zitatu, kenako n'kudzikonza. DeepFaceLab ili ndi chida chotchedwa XSeg, chimene munthu amajambulira malirewo pamanja pa zithunzi zosankhidwa, makamaka zovutazo, kuti kompyuta iphunzire kuchita chimodzimodzi pa zotsalazo. Munthu akatembenukira chammbali kotheratu, theka la timadontho limabisika, ndipo ngati kompyuta sidaone zithunzi zokwanira za mwini nkhope ali chammbali, imangolota. Apa palibe sefa imene ingathandize, koma kusonkhanitsa zithunzi zina ndi kuphunzitsanso.

Ume pambuyo pake adakhala m'modzi mwa oyambitsa kampani ya Metaphysic, imene idatsitsimutsa nkhope za Tom Hanks ndi Robin Wright kuti aoneke achinyamata mu filimu ya Here ya 2024. Kumeneko eni nkhope adavomera. Mavidiyo ambiri oyenda pa WhatsApp, oika munthu wotchuka mawu amene sadanene, amapangidwa popanda chilolezo, ndipo kawirikawiri popanda kuleza mtima konseku. Kuphinya vidiyo kuti ichepe kumabisa zina mwa zipsera zake, choncho kusaona kunjenjemera si umboni woti vidiyo ndi yoona. Komabe mukakayikira, ichepetseni liwiro, muyang'ane m'mphepete mwa chibwano ndi pamphumi pamene munthuyo akucheuka kapena dzanja likudutsa kumaso, ndipo mufufuze kumene yachokera musanaitumize kwa ena.