Invoisi ya ntchito yosagwiridwa

Mwini shopu ina ku Limbe anapangana ndi kampani yolemba zikwangwani kuti imupangire zitatu, chilichonse K150,000. Ziwiri zinakhomedwa. Invoisi itabwera, inali ya K450,000, ngati kuti zonse zinatheka.

Ambiri zikatere amangokhala chete osalipira kalikonse, ndipo ubale umathera pomwepo, chifukwa winayo amayesa akuberedwa.

Mayiyu anayamba waika pamodzi kotesheni, invoisi ndi pepala losainira polandira katundu, lomwe linkaonetsa zikwangwani ziwiri basi. Kenaka anaimbira foni mwini kampaniyo, osati mnyamata wobweretsa invoisi, nati: “Achimwene, mwina ku akaunti kwasokonekera, tationaniponi.” Mawu amenewa anampatsa mnzakeyo mpata wokonza popanda kuchita manyazi. Tsiku lomwelo anatumiza kalata yotchula nambala ya invoisi ndi chikwangwani chosowacho, popeza zapafoni zimakanika mawa.

K300,000 ya ntchito yogwiridwa analipira nthawi yake isanakwane. Pa yotsalayo anapempha chimodzi mwa ziwiri: kirediti noti yochotsa K150,000, kapena tsiku lodzakhoma chachitatu. Kungodula mzere ndi cholembera pa invoisi sikuthandiza, chifukwa m'mabuku a kampaniyo ngongoleyo imakhalabe. Kampaniyo inasankha kudzakhoma Lachisanu.